Liwu Limodzi m'Kabuku ka Amayi

Amayi anabwerako ku chipatala chachikulu Lachisanu masana, kumene anakamva zotsatira za chotupa cha m'bere mwawo. Sindinawaperekeze chifukwa mwana wanga ankatentha thupi, ndipo mpaka lero ndimadziimba mlandu. Atatsika pa kabaza sanapereke moni kwa aliyense. Anangokhala pakhonde n'kundipatsa kabuku kawo ka kuchipatala.

"Akuti chiyani adokotala?" ndinafunsa.

"Akuti ndizipita kunyumba."

"Basi?"

"Anayankhula zambiri, koma khutu langali ukulidziwa, silimva bwino. Ndimangoti eya, eya."

Ndi mmene alili amayi. Munthu wovala zoyera samufunsa kawiri, amati ndi mwano. Ndinapsa mtima, koma mantha anaposa mkwiyowo. Kwathu kuno ku Chiradzulu, achipatala akati muzipita kunyumba osakupatsani ngakhale panado, aliyense amadziwa kuti zakanika. Bambo anga anawabweza chomwecho, ndipo mwezi usanathe anamwalira.

Ndinatsegula kabukuko. Ine sukulu ndinalekezera Fomu 2, Chingelezi ndimachiwerenga mokwawa. Mwamwayi dokotalayo analemba zooneka, mizere inayi yokha. Woyamba unkati anapima kanyama kamene anadula pa chotupacho. Wachiwiri unkati chotupacho ndi "benign". Liwu limenelo ndinali ndisanalionepo chibadwire. Kafoni kanga ndi ka mabatani, sikakanandithandiza, ndipo ku chipatala chathu chaching'ono cha ku Mauwa nkhani ngati imeneyi inkayenera kudikira Lolemba.

Aphunzitsi athu a Chingelezi ankakonda kunena kuti liwu likakhala lachilendo uzifunsa anzake oyandikana nawo. Nthawi imeneyo ndinkangoyasamula. Tsiku limeneli ndinawafunsadi mawu oyandikanawo. Liwulo linkafotokoza mtundu wa chotupa, zimenezo zinali zosachita kufunsa. Ndiye kuti mwina linkatanthauza choopsa, mwina chosaopsa. Ndinapita pa mzere wachitatu, ndipo maso anga anagwera pa mawu oti palibenso chithandizo china. Ndinaika "chosachiritsika" pamalo pa liwu lija n'kuwerenganso. Chotupa ndi chosachiritsika, palibenso chithandizo. Zinagwirizana bwinobwino, moti ndinatseka kabukuko.

"Usandibisire," amayi anatero. "Ngati ndi basi, undiuze, ndiitanitse amalume ako tikambirane za munda."

Ndinanama kuti ndikufuna powala, n'kukakhala kuseri kwa khola la mbuzi. Kumeneko ndinawerenganso ndi chala, liwu limodzilimodzi. Mzere wachitatu uja ndinali nditaudumpha mathero ake chifukwa cha phuma. Sunkati chithandizo palibe. Unkati chithandizo china sichikufunika. Munthu amene matenda amukanika samulembera kuti sichikufunika, ndinaganiza choncho, ngakhale kuti za madokotala sindizidziwa. Mzere wachinayi unkati abwerenso pakatha chaka, kapena msanga ngati chotupacho chayamba kukula kapena kupweteka. Pakatha chaka! Bambo palibe anawauza za chaka. Ndinayesanso "chosachiritsika", ndipo apa linakana kukhala. Ndinaikapo "chosaopsa" n'kuwerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo mizere yonse inayi inamvana.

Komabe kunali kungoganizira. Nanga ngati dokotala analemba za chaka pongowalimbitsa mtima? Ndinaopa kuwapatsa amayi chiyembekezo chabodza. Ndinaopanso kuwasiya masiku atatu akudziona ngati maliro, pakuti ndinkawadziwa, akanasiya kudya tsiku lomwelo.

Ndinabwerera pakhonde n'kugwada pafupi ndi khutu lawo labwino.

"Amayi, alemba kuti chotupachi n'chosaopsa."

"Ukunena zoona iwe?"

"Zoona."

"Liwu limenelo ukulidziwa?"

"Ndikulidziwa, tinaphunzira kusukulu."

Anandiyang'anitsitsa, kenako anapempha madzi osamba. Mawa lake analawirira kukathyola nandolo, Lamulungu anapita kutchalitchi n'kukaimirira kutsogolo kuthokoza Mulungu pamaso pa mpingo wonse. Ine ndinali kumbuyo. Mantha amene ndinawachotsera aja onse anasamukira kwa ine. Kabukuko ndinakawerenga mwina kakhumi, ndipo nthawi iliyonse ndinkaona ngati liwulo lasintha.

Lolemba ndinawauza kuti tipite ku Mauwa akangodinda kabuku. Tinayenda wapansi, iwo akucheza ndi aliyense panjira, ine ndikungowatsatira pambuyo. Dokotala wa pamenepo anawerenga mizere ija mwachangu n'kukweza mawu kuti amayi amve.

"Amayi, iyi si khansa ayi. Ndi chotupa chosaopsa. Muzingochiyang'anira."

Amayi sanadabwe n'komwe. Anakonza mpango wawo n'kuyankha monyadira.

"Ndikudziwa, adokotala. Mwana wangayu anandiwerengera kale, Chingelezi amachidziwa."

Ndinangokhala pansi pa simenti pomwepo n'kuyamba kulira mokweza, amayi akundifunsa kuti chandipweteka n'chiyani.