Malamulungu Anayi a Achimwene

Pamsika wa mumsewu pa Bembeke palibe amene anandigonjetsapo pa kunenerera mtengo. Ndinagulitsapo ndowa ya mbatatesi zofota kwa munthu amene amangofunsa njira ya ku Mayani, ndipo anachoka akundithokoza. Choncho achimwene anga atandiitana kuti tikambirane za kompyuta yawo, ndinapita ndili ndi mtima womwewo, woti kaya pali malonda otani, wotuluka akumwetulira ndine.

Achimwene anali mphunzitsi wa makompyuta pa sekondale ina yakwathu konkuno, mpaka matenda a chiwindi anawakhazika pakhomo. Anali ndi laputopu yakale yomangidwa ndi tepi pakona, ndipo ankafuna kuisiya m'manja mwa munthu woti aziigwiritsa ntchito, osati woti akaigulitse. Pandime yachiwiriyi ankandikayikira, ndipo sankalakwa. Kwa miyezi iwiri ndinkapita kwawo Lamulungu lililonse tikatuluka ku Misa, iwo n'kumandiphunzitsa kulemba malamulo a kompyuta m'chilankhulo chotchedwa Python. Maondo anga anali atayamba kukana kuthamangira maminibasi, ndiye ndinkamvetsera.

Tsiku lina anati, "Zoyeserera zakwana. Usankhe kanthu kamodzi kakang'ono, ukapange wekha mpaka kayende ine ndikuona."

Ndinali nditakonzeka kale. Ndinawauza za pulogalamu yolumikiza alimi onse a mbatatesi kuyambira ku Lobi mpaka kumalire, madalaivala a malole, ogula a ku Lilongwe, mapu, zithunzi, aliyense n'kumalowa ndi nambala yake yachinsinsi.

"Iwe," anatero, "thumba lonse umaliika pamsewu kuti munthu wa m'basi alinyamule pawindo?"

"Ayi, ndimaunjika milu."

"Ndiye unjika."

Anang'amba tsamba la kalendala ya kutchalitchi n'kulemba kumbuyo kwake. Mtengo wawo unali uwu: kapulogalamu koti ndikakauza tsiku limene mlimi wabzala, kandiuze tsiku loti ndikamuyendere mbatatesi zitakhwima, anzanga asanandipitirire. Anakagawa panayi. Choyamba, kafunse tsiku n'kulibwereza pasikirini, ndipo kakane ndikalemba tsiku loti kulibe ngati 31 Febuluwale. Chachiwiri, kawonjezere masiku amene mbewuyo imatenga m'munda. Kenako kasunge munda ndi tsiku lake mufayilo, kuti ndikazimitsa laputopu zisafufutike. Chomaliza, kaonetse minda yonse, woyandikira kukumba uli pamwamba.

"Gawo lililonse ndi la Lamulungu limodzi," anatero. "Umalemba, umayesa, likayenda ndi pomwe umakhudza linzake."

Ine ndinaseka ngati mmene ndimasekera kasitomala akatchula theka la mtengo. "Achimwene, zimenezi ngakhale kope la mwana wa sitandade 3 limachita. Onjezerani."

"Mtengo womaliza ndi umenewo."

"Palibe mtengo womaliza. Ikanipo mitengo ya pamsika. Ikanipo zoti kazitumiza uthenga pafoni ya mlimi."

"Zimenezo zimabwera pambuyo, mphwanga. Yamba wamaliza chimodzi."

Ndinaimirira n'kutenga chipewa, njira yakale ija yonamizira kuchoka. Ndinafika mpaka pachitseko. Alamu anga, akazi awo, ankasankha nyemba pakhonde. Kumbuyo ndinamva mawu otopa: "Bwera, bwera. Tiwonjezera." Pofika madzulo magawo anali asanu ndi anayi, la uthenga wa pafoni lili kumapeto, ndipo ndinawakakamiza kuikaponso chithunzi cha mbatatesi ngati basela. Ndinatsika phiri laputopu ili kukhwapa, ndikuimba mluzu.

Pangano loyamba ndinaliswa sabata yomweyo. Gawo loyamba linandionekera lonyozeka. Ndani angaime pamsika n'kunena kuti wapanga chinthu chobwereza tsiku? Ndinalumphira la chisanu ndi chinayi. Sindinadziwe kuti laputopu siingotumiza uthenga payokha. Pamafunika kulembetsa kwa anthu ena pa intaneti, iwo akupatse kiyi, yomwe ndi nambala yachinsinsi, pulogalamu yako izilankhula ndi makina awo. Ndinkakwera pachulu kufuna netiweki, bandulo n'kumatha ndisanamvetse tsamba limodzi. Ndinkakopera mizere ya malamulo yolembedwa ndi anthu ena imene sindinkaimva, n'kuimata pamodzi. Ikakana, sindinkadziwa kuti yolakwa ndi iti mwa mizere yonseyo, popeza panalibe ndi umodzi womwe umene ndinauyesapo pawokha. Komanso ngakhale uthengawo ukanapita, ukananena chiyani? Tsiku lokumba linalibe kolichokera, magawo oliwerengera ndinali nditawadumpha.

Lamulungu loyamba ndinawauza kuti zikuyenda. Lamulungu lachiwiri ndinati batire inatha. Lamulungu lachitatu sindinapite, kunabwera lole ya ku Blantyre. Lamulungu lachinayi ndinawapeza atagona m'chipinda, maso ali achikasu, mikono yatsala ngati ndodo za tomato.

"Ndionetse chimene chikuyenda," anatero.

Ndinatsegula, n'kudina. Sikirini inadzaza mizere yodandaula. Pakamwa panga panayamba pokha ntchito imene pamaidziwa: ndinafotokoza za alimi amene adzalandire mauthenga, za malole amene adzaima pamzere, ndinati kwangotsala pang'ono.

Anandisiya ndimalize. "Zikuluzikulu pamwamba, pansi zowola," anatero akumwetulira. "Ine ndiye wandipeza kasitomala?"

"Sabata yamawa, achimwene."

"Gawo loyamba lokha. Mizere yake siikwana khumi. Lemba pompano, ndikudikira."

Ndinayamba. Koma ndinali nditaiwala ndi mmene amasandutsira mawu olembedwa kukhala tsiku, chinthu chimene anandiphunzitsa kawiri konse. Nditatembenuka kuti ndiwafunse, anali atagona tulo. Alamu anandikodola kuti ndituluke. Lachitatu la sabata yomweyo anapita nawo kuchipatala, ndipo achimwene anabwerako m'bokosi.

Titamaliza maliro, alamu anandipatsa tsamba la kalendala lija, limene ndinalisiya patebulo tsiku la malonda athu osalitenga n'komwe. Kumbuyo kunali magawo anayi olembedwa bwino, ndi asanu anga ofinyikizidwa m'munsi. Kutsogolo, pa masiku a mweziwo, Malamulungu anayi anali ozunguliridwa ndi cholembera.

"Adokotala anali atawauza," anatero alamu. "Anati mwezi, mwina kupitirirako pang'ono. Anandiletsa kukuuzani. Ankati mukadziwa mudzachita mowamvera chisoni, ndipo simudzaphunzira kanthu."

"Nanga anavomereranji kuwonjezera?"

"Munali mutafika pachitseko, alamu. Ankaopa kuti simubweranso."

Ine njira imeneyo ndaigwiritsa ntchito zaka makumi awiri, ndipo sindinachokepo n'cholinga chochokadi. Aliyense pamsika amadziwa. Munthu mmodzi yekha amene anaikhulupirira ndi amene analibe masiku oti ayesere ngati ndikunama.

Ndinapanga magawo anayiwo ndekha, limodzi pa Lamulungu. Loyamba linanditengera ola limodzi. Nditalemba 31 Febuluwale kanakana, koma m'nyumbamo munalibe woti ndimuitane adzaone. Gawo lachitatu linandivuta, fayilo inkafufuta munda wakale ndikalemba watsopano, koma popeza zina zonse zinali zoyesedwa kale, ndinadziwa poyang'ana: ndinkaitsegula molemba mwatsopano m'malo mowonjezera kumapeto. Cholakwika chinali chilembo chimodzi.

Kapulogalamuko ndikugwiritsabe ntchito. Kali ndi minda ya alimi anga, ndipo chaka chino ndinafika kwa ambiri mwa iwo anzanga asanafike. Magawo asanu aja sindinawakhudze, ndipo palibe tsiku limene ndinawasowa.

Pamsika amanditchulabe katswiri, ndipo sindikana, pajatu dzina ndi mpamba. Tsiku lija ndinalowa m'nyumba ya achimwene iwo ali pa magawo anayi, ndinatuluka ali pa asanu ndi anayi ndi basela pamwamba. Inu amene mumadziwa malonda, tandiuzani, anapambana ndani?