Dzanja la Azakhali

Azakhali analera mwana wamkazi wa mchimwene wawo kuyambira ali wa thewera, bambo ake atathawa. Pazithunzi zonse amaima kumapeto, chifukwa amafika mochedwa, akupukuta manja.

Mtsikanayo atamaliza koleji, anapita nawo kosindikiza zithunzi kuti amunyamulire chikwama. Pachithunzi cha tsiku la dipuloma, bambo ake, amene anangotulukira m'mawa womwewo atavala suti, anaima naye pakati.

"Ndikufuna posita yoimirira, 2 kwa 3," anatero mtsikanayo.

Wosindikiza anayang'ana pakompyuta. "Chithunzichi n'chogona, 3 kwa 2. Tikachiimika osachipinimbiza, tidula m'mbali kuposa theka. Tikasindikiza chogona, aliyense alowa."

"Ndati choimirira, achimwene. M'mbalimo muli chiyani?"

"Uku kuli mtengo. Uku kuli amayiwa."

"Dulani."

Anadula. Anatsala mtsikanayo ndi bambo ake, koma paphewa pake panatsalira zala za azakhali, zong'aluka ndi sopo.

"Fufutaninso izo, zikuipitsa gauni."

Posita itatuluka, mtsikanayo anaikulunga n'kuwapatsira azakhali.

"Gwirani bwino, azakhali. M'manja mwanumo mwayera?"