Juzi ya Alefa

Bambo Fanuelo Makisoni ankalima mpunga ku sikimu ya Likangala, koma khasu analigwira mochedwa. Makolo awo anachokera kuseri kwa nyanja, kudziko la Apwitikizi, ndipo iwo ali mnyamata anapita ku Zomba kukafuna ntchito. Anaipeza kwa mzungu wina wa zamalimidwe, ntchito yochapa ndi kusita, ndipo anaigwira zaka khumi ndi zinayi.

Mwezi woyamba anangotsala pang'ono kuchotsedwa. Anapatsidwa juzi ya dona, mkazi wa mzunguyo, ya ubweya wa nkhosa, nayenso pofuna kuonetsa changu anaiviika m'madzi owira, kuifikisa, kuimenyetsa pamwala monga timachitira kwathu kuno, n'kuiyanika padzuwa. Madzulo anakaanula kanthu kolimba gwa ngati chiguduli, koti ngakhale mwana woyamwa sangalowemo. Dona uja analira. Atatonthola anamukhazika mnyamatayo pansi n'kumuuza kuti ubweya uli ndi timamba tosaoneka ndi maso, ndipo ukakumana ndi madzi otentha, sopo ndi kufikisa, timambato timakolana osamasukanso. Fanuelo anamva kamodzi, ndipo sanawonongenso juzi ya munthu.

Azungu aja atabwerera kwawo dziko litangolandira ufulu, dona anamusiyira juzi yobiriwira ya mabatani asanu. Fanuelo anaipinda bwino n'kutsika nayo kwa Mwambo, kumene anali atakwatira mkazi wotchedwa Alefa, nakhala mkamwini pamudzi wa mkaziyo.

Alefa anali munthu wamphepo. Mwera ukangoyamba kuwomba kuchokera kunyanja, iye zala zinkachita dzanzi. Juziyo ankaivala kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, kutchalitchi, kumaliro, ngakhale ku Kachulu kokagula matemba. Koma kuchapa kokha sankaloledwa. Chisanu chikatha, mwamuna wake ankatenga beseni n'kukakhala kuseri kwa nyumba. Anthu nanga akanaleka kulankhula? Ankati Fanuelo anadyetsedwa khuzumule, mwamuna wanji wochapira mkazi. Iye ankangoseka, amvekere, “Ngati khuzumule wake ndi ameneyu, andiwonjezere.”

Mwana Mulungu sanawapatse. Ichi n'chimene chinaipitsa mtima wa Elenala, mkulu wake wa Alefa, amene kwa zaka zambiri ankawayankha alamu akewo mawu amodzi amodzi, ngati akuwagula.

Alefa anamwalira mu Julaye, chaka cha 1976. Sanadwale nthawi yaitali. Anati mutu, mutu, akupeta mpunga pabwalo, ndipo tsiku lachiwiri anali atapita. Maliro atatha, akuluakulu anagwirizana kuti Loweruka agawa zovala za malemu, kenako amusudzula mkamwini abwerere kwawo, pakuti panalibe mwana womusungira malo. Fanuelo sanatsutse. Mwambo ankaudziwa, ndipo mtima wake unali utatopa moti sakanatha kukangana ndi munthu.

Lachinayi m'mawa anamva fungo la utsi kuseri kwa nyumba. Atatuluka anapeza amayi atereka mgolo wa madzi pamafuwa, zovala za Alefa zili mulu pansi. Pamudzipo zovala za womwalira sizinkagawidwa zisanachapidwe ndi madzi otentha, kumenyedwa pamwala ndi kuyanikidwa padzuwa, kuti fungo la mwini lichoke, wolandira avale ndi mtima umodzi. Zitenje zinali zitalowa kale m'ndowa. Elenala anali atanyamula juzi yobiriwira ija, nthunzi ikumufika kumaso.

Fanuelo anasendera pafupi msangamsanga. Pa zonse za m'nyumbamo, chinthu chokha chimene chinali ndi msinkhu wa Alefa chinali juziyo: mapewa ake, kutalika kwa mikono yake. Ikalowa m'ndowamo, ituluka kachiguduli, ndipo sipadzakhalanso chosonyeza kuti mkaziyo anali wotani.

“Alamu,” anatero Fanuelo, “imeneyo musaiponye mmenemo. Ndikupemphani.”

“Izi n'za amayi, alamu,” anayankha Elenala osamuyang'ana. “Inu kakhaleni kukhonde.”

“Ndikudziwa. Sindikuifuna ine, mudzapatsa amene mwakonza. Koma ikakhudza madzi amenewo palibe adzaivale. Ndiloleni ndiichape ndekha.”

“Ndi madzi anu ozizira aja? Ndiye fungo lichoka bwanji?”

“Loweruka mudzainunkhize. Mukadzamva fungo, mudzaiwiritse, ine sindidzatsegula pakamwa.”

Amayi ena anaweramira m'ndowa zawo ngati sakumva. Elenala anaiika juzi ija pachitsa, osati m'manja mwa mlamu wake, n'kutembenuka. Fanuelo anaitola.

Madzi a kunyanja sanawafune, ndi amchere ndiponso amatope. Anatenga a mumtsuko, a kumtsinje, amene anagona usiku wonse mpaka matope kukhala pansi. Anawathira m'beseni n'kuviikamo chigongono: osatentha, osazizira kwambiri, ongoti thupi lisadzidzimuke. Sopo wamtanda wochapira anamukankhira pambali chifukwa ndi waukali, amaumitsa ubweya. Anatenga kachidutswa ka sopo wosambira, kukapala ndi mpeni tizidutswa topyapyala, n'kuvundula ndi dzanja mpaka tonse titasungunuka, thovu lili mbuu. Sopo sapaka pajuzi penipeni.

Anamanga mabatani onse asanu, kuitembenuza kunja kukhale mkati, ndipo asanaiviike anachita chimene sanafune kuti munthu aone. Anaiika kumaso. Munali utsi wa kukhitchini, mafuta odzola, ndi Alefa mwini. Zinamupweteka kwambiri kuti fungo limeneli alichotsa ndi manja ake, koma analonjeza. Anaimiza m'madzi pang'onopang'ono.

Anaisiya kuti imwe madzi kwa kanthawi. Kenako anayamba kuidinikiza ndi zikhatho, kusiya, kudinikizanso, osafikisa, osakoka. Pakhosi ndi kumapeto kwa mikono, pamene litsiro limakhala, ankangofinya thovu ndi nsonga za zala kuti lidutse mu ulusi. Madzi anada. Anaikokera juziyo kumbali kwa beseni, kukhuthula, kuthiramo ena ochokera mumtsuko womwewo, pakuti ubweya sufuna kuchoka m'madzi ofunda n'kugwera m'ozizira. Anatsukuluza katatu, mpaka madzi anatsala oyera opanda thovu.

Poitulutsa anaifukata ndi manja awiri kunsi, monga anyamulira khanda posambitsa, chifukwa juzi yonyowa ukaigwira paphewa imadzikoka yokha n'kutalika. Sanaipotokole. Anayala chitenje chouma, kuigoneka pamenepo, kukulunga ngati mkeka, n'kugwadirapo kuti chitenje chimwe madzi. Atasintha chitenje kawiri, anayala mphasa pakhonde la kumthunzi, kumene mphepo imadutsa koma dzuwa silifika, n'kuyalapo nsalu ina youma.

Apa ndi pamene ntchito inamukanika. Juzi yonyowa imafuna kuikonza pamphasa kuti iume mu msinkhu wa mwini wake, ndipo zaka zonsezi Fanuelo sankagwiritsa chingwe choyezera. Ankangoitana Alefa, kumuimika pafupi, kuyeza mapewa ake ndi zikhatho, n'kupita nazo pamphasa. Kubwerera, kuyeza mkono, kupitanso. Alefa ankadandaula kuti akumunyowetsa, koma ankaima. Lero, ndi chipwirikiti cha m'mawa, anaiwala ngakhale kuiyeza juziyo isananyowe.

Mapewa anawakumbukira, zikhatho zinayi ndi zala ziwiri. Anawakonza. Koma mkono unamusokoneza. Anaukankhira mkati, unaoneka waufupi. Anauwongola, unaoneka wa munthu wina. Anakhala chogwada, manja ali m'malere, misozi ikugwera pamphasa. Sabata imodzi yokha, ndipo anali atayamba kale kumuiwala mkazi wake.

Sanadziwe kuti Elenala anali ataima pakona ya nyumba, atanyamula ndowa yopanda kanthu. Mayiyo anaona zonse. Ankakumbukira kuti chaka ndi chaka ankawaona awiriwa pakhonde lomweli, mng'ono wake ataima chotambasula mkono uku akuseka, ndipo iye ankapsa mtima, kumati n'zachibwana za anthu opanda ana. Anatula ndowa.

“Chavuta n'chiyani, alamu?”

“Mkono,” anatero Fanuelo. “Sindikuukumbuka.”

Elenala anayang'ana uku ndi uku, kenako anakwera pakhonde, n'kutambasula mkono wake wamanja, nkhope atayang'ana kumbali.

“Yezani apa. Mapewa anandiposa, koma mikono tinatengera amayi tonse awiri.”

Fanuelo anapukuta manja pakabudula. Anayeza kuchokera paphewa mpaka pamfundo ya dzanja, mwaulemu, osakhudza kwenikweni, n'kupita nazo pamphasa. Anakonza mkono wina, kenako unzake, kusalaza ndi chikhatho. Atabwerera m'mbuyo, onse awiri anaiyang'ana. Pamphasa panali Alefa, mapewa ake otambalala aja, ngati wangogona chagada kuti apume.

Elenala anakhala pansi pomwepo n'kulira kulira kumene sanalire ngakhale kumanda.

Juziyo inauma masiku awiri. Fanuelo ankaitembenuza m'mawa ndi madzulo, kusintha nsalu ya pansi, kuthamangitsa nkhuku. Mayi wina atanena kuti aisendeze pafupi ndi moto iume msanga, Elenala ndi amene anamukalipira.

Loweruka abale anasonkhana pabwalo. Zitenje zinagawidwa, madiresi, mipango, nsapato za kutchalitchi. Juzi inatsala pomaliza, ndipo akuluakulu anati ipite kwa mkulu wake wa malemu. Elenala anailandira, kuiika pamphuno anthu onse akuona, n'kupuma kawiri. Fanuelo anayang'ana pansi, kamtolo kake ka zovala kali kale pambali pa njinga.

“Mulibe fungo,” anatero Elenala.

Anaivala pomwepo pamwamba pa diresi lakuda. Inali yofewa ngati tsiku limene inabwera kuchokera ku Zomba, ndipo mikono inafika pamfundo ndendende. Anamanga mabatani limodzilimodzi.

Atsibweni ake a malemu anayamba mawu osudzula, kuthokoza mkamwini kuti anakhala bwino pamudzi, kuti tsopano njira yatseguka. Asanamalize, Elenala anadula, chinthu chimene mayi sachita pabwalo lotere.

“Pepani atsibweni. Ine chinthu ichi sindidziwa kuchapa kwake, ndipo pamudzi pano palibe wina akudziwa. Mukawachotsa alamuwa, Ogasiti akatha ndidzapita nacho kwa yani?”

Atsibweni anakanda kumutu, nati nanga munthu angakhale pamudzi chifukwa cha juzi?

“Nyumba ndi ya mng'ono wanga,” anatero Elenala, “ndipo mwini mbumba wamkazi watsala ndine. Alamu, masulani katundu wanuyo. Mwaima ngati mlendo bwanji?”

Fanuelo anapita pomwe panali njinga ija. Anawerama, nayamba kumasula luzi limene anamangira kamtolo kaja.