Lole Imene Sinabwere kwa Chamama

"Mwatigwetsa m'dzenje ndinu, mayi Fainala! Chizungu mumachidziwa, bwanji simunatiletse?"

Anakalipa choncho a Lameki, tcheyamani wa kalabu ya alimi a fodya kwathu kwa Chamama. Ine ndinali pakhomo pa shedi ndi njinga yanga ya kabaza. Fainalayo ndi mlongo wanga, bere limodzi.

Mumudziwe kaye. Sukulu analekezera Fomu 2. Mwamuna atamwalira, anatsala ndi ana atatu ndi chigafa chodontha. Dzina lake litasowa pa mndandanda wa feteleza wa sabuside, analowa kalabu kuti azilima fodya wa bale pa kontirakiti. Anamusankha ulembi poti samwa mowa.

Chaka chino kampani inatumiza imelo ya mfundo za mgwirizano, m'Chingerezi. A Lameki anaiponya m'makina omasulira a pafoni n'kumwaza pa gulu. Zinkamveka zotsekemera: kampani idzatumiza lole kudzatenga mabelo.

Fainala sanakhutire. Anabwereka foni yanga, nayika ziwiri pamphasa, iyi Chingerezi, iyi Chichewa, chala chikuyenda mzere ndi mzere. Makilo anafanana. Tsiku lopereka fodya ayi: imelo inati 05/06, makina n'kulemba 6 Meyi. Anaimbira alangizi a kampani, iwo anati ndi pa 5 Juni, foni n'kuduka, mayunitsi atha. Pofika pa za lole anakwinya nkhope. Chingerezi chinkati alimi ndiwo afikitse mabelo ku depoti ya ku Boma tsikulo lisanapite, apo ayi mgwirizano watha. Makina anatembenuza wonyamula. Posadzikhulupirira, anandipempha ndimukweze mpaka kwa mphunzitsi wina, naye anati, "Onyamula ndinu."

Pamsonkhano za tsiku anthu anazilandira. Za lole, phokoso!

"Makina a azungu aname, wa Fomu 2 anene zoona?" anatero a Lameki, anthu n'kuseka.

"Tiwalembere atiyankhe, tisanasaine," anapempha Fainala.

"Mukufuna atione ngati ovuta? Mlembi lembani, musatiphunzitse."

Kalabu inasaina. Fainala anayenda khomo ndi khomo kuti asonkherane za mayendedwe, anthu ankangomupatsa mpando ndi madzi. Yekha lole sakanaikwanitsa, ndipo fodya wa kalabu amapita pamodzi.

Juni wafika, wapita. Mabelo ali m'shedi, a Fainala ali momwemo. Kampani yatifufuta. Mavenda ayamba kale kuzungulira ngati akhwangwala, mitengo yawo yachipongwe. Ndiye lero akufuna amuchotse ulembi, ati sanalimbikire!

Ndinagwetsa njinga n'kulowa.

"Esau, usatero," anandigwira malaya mlongo wanga.

Ndisatero bwanji? A Lameki, ndinu akulu, ulemu ndikupatsani. Koma imirirani pamaso pa anthu onsewa, foni ili m'manja, muwerenge mokweza ndime ija munaiseka. Mukatha mutiuze: anati tisafunse ku kampani ndani? Yankhani!