Chitsime Chimene Chinadya Miyendo ya Amuna Anga

Tsiku limene ndinakwatiwa, apongozi anga anandikokera kuseri kwa nkhokwe. Anali Msena wa tsidya lina, wosachulutsa mawu. Anati: "Mwana wangayu satha kuonerera ntchito itangokhala. Muzimugwira dzanja. Mukamulekerera, mudzi wanu umudya." Ndinaseka. Ndinali mtsikana, ndipo mudzi umene ankanenawo unali wa amayi anga ndi alongo anga.

Kwathu ku Chapananga mtsinje umayenda miyezi ya dzinja yokha. Ukaphwa tinkamwa pachitsime chokumba mumchenga wa mtsinjewo. Mijigo ya masiku ano kunalibe. Dzinja lililonse madzi osefukira ankachikwirira, ndiye chaka ndi chaka chinkafuna kufukulidwa. Dzuwa likamakula madzi ankathawira pansi, anthu n'kumawatsatira ndi khasu. Mchenga suima wokha. Dzenje likapitirira msinkhu wa munthu, m'mbali mwake munkafunika kutchinga ndi mitengo ya tsanya. Wina ankalowa pansi kukumba, ena pamwamba n'kumakoka dengu la mchenga ndi chingwe cha mlambe.

Lamulo linalipo: nyumba iliyonse ibweretse mitengo ndi munthu. Koma panalinso lamulo lina lakale kuposa limenelo, lakuti madzi samanana. Wokumba ndi wosakumba ankatunga chimodzimodzi. Munthu akazindikira zimenezo, msana umayamba kumupweteka tsiku lokumba.

Amuna anga anali mkamwini. Chaka choyamba anakumba ndi amuna a mudzi wonse. Chachiwiri ena anali kuthangata kumunda wa thonje wa mzungu, ena anangoti ali kuthangata. Pofika chaka cha chilala chachikulu, nkhondo ya Jeremani itatha, m'dzenje munkalowa iwo okha, wokoka dengu ndinali ine, mwana wakhanda ali kumsana.

Achimwene anga aakulu anali ndi mbuzi zambiri kuposa aliyense. Ankafika mbandakucha, madzi atadikha, n'kutunga mpaka mbuzi zonse zitakhuta. Ife otsalira tinkapeza matope. Akatipeza tikukumba ankasuzumira m'dzenje.

"Alamu, mwafika kwa azimu kapena mukadali m'njira? Mukawapeza muwapatse moni."

"Tsikani mudzawapatse nokha," ankayankha amuna anga, uku akuseka.

Ine sindinkaseka. Ndinkaona amene wabwera ndi mtengo ndi amene wabwera ndi mtsuko wokha. Mitengo inasiya kubwera. Chigawo chapansi cha dzenje chinali mchenga wosatchinga.

Ndinakumbukira apongozi, ndipo ndinawagwira dzanja amuna anga. Ndinabisa khasu lawo m'denga. Ndinati tione ngati ludzu limadziwa mkamwini yekha. Madzi anatsika, chitsime chinasanduka phala. Mudzi wonse unkadutsa pakhomo pathu, kupereka moni wautali, maso ali pa amuna anga. Palibe ananyamula khasu. Aliyense ankadziwa kuti wina atopa kudikira, ndipo ankadziwanso kuti ndani. Achimwene anapirikitsira mbuzi zawo kuthamanda lakutali n'kumadikira. Ine mkaka unayamba kuuma, mwana kulira kopanda misozi. Ndinatsitsa khasu lija ndekha.

Koma ndinati ulendo uno timwa tokha. Tinadula minga n'kuzinga chitsime chonse, kusiya kakhomo kamodzi. Amuna anga sanafune. Anati, "Mayi a mwana, madzi satchingidwa." Ndinati mitengo ya tsanya ndiyo ikhala chotsegulira, wobwera nawo amwa. Ndinakhala pakakhomopo ndi munsi.

Akazi awiri anabweretsa mitengo. Ena anabwerera ndi mitsuko youma akunditukwana kuti ndine mfiti. Mayi wina wakhungu, wosatha kudula ngakhale bango, ndinamulola kutunga, ndipo madzulo ake ndinaona madzi omwewo akumwedwa ndi ana a achimwene. Mpanda wa minga susankha waulesi ndi wofooka, ndipo madzi akachoka pachitsime sadziwika mwini.

M'mawa mwake amuna anga ali pansi akukumba, achimwene anafika ndi nkhwangwa, mbuzi zili pambuyo, ndi anthu ambiri ofuna kuonerera.

"Chemwali, chotsa zinyalalazi."

"Mtengo wanu uli kuti, achimwene?"

"Mchenga uwu ndi wa amayi athu. Ndigule madzi kwa mlendo wodzakwata?"

"Mlendoyo ndiye wakumwetsani zaka zonsezi. Mbuzi zanu zimamudziwa kuposa inu."

Anthu anaseka, ndipo kusekako ndiko kunawapsetsa mtima. Anandimenya ndi mpini wa nkhwangwa pakamwa. Mano awiri anagwera mumchenga. Ndinamasula mwana n'kumupatsira mayi amene anali pafupi, ndipo ndinawakantha achimwene ndi munsi padzanja. Ndinamva fupa likuthyoka ngati phesi la mapira. Akazi awo anandigwira tsitsi n'kundigwetsera paminga. Akazi awiri amene anabweretsa mitengo aja analowerera mbali yanga, mmodzi wa iwo anaswera akazi a achimwenewo mtsuko kumutu, magazi n'kutsikira m'maso. Amuna anayamba kukokana, ena kuleretsa, ena kubwezera zakale zosakhudza madzi. Mpanda unagwa. Mbuzi zitanunkhiza madzi zinathamangira m'mphepete mwa dzenje, anthu n'kumakankhana pomwepo.

Ndinamva amuna anga akuitana kuchokera pansi kuti tichoke m'mphepete. Kenako nthaka inangoti fwaa, mbali imodzi yonse inatsika, pamodzi ndi mitengo yochepa ija ndi mbuzi ziwiri.

Tsiku limenelo mudzi wonse unakumba. Ndi manja, ndi zipande, ndi mapale a mitsuko yosweka. Achimwene anakumba ndi dzanja limodzi, linalo likulendewera. Mitengo ya tsanya, imene inkasowa miyezi yonse, inatuluka m'makola ndi m'mipanda ya anthu dzuwa lisanafike pamutu. Inalipo nthawi yonseyi.

Tinawapeza atakwiririka mpaka pachifuwa, akupuma, mtengo utawapsinja m'ntchafu. Anakhala ndi moyo, koma sanayendenso. Zaka zawo zotsala ankakhala pakhonde n'kumaluka madengu, ndipo anthu ankabwereka madenguwo kukakokera mchenga. Apongozi atabwera kudzawaona sananditukwane. Anangoyang'ana miyendoyo, kenako ine. Ndinati ndinayesa kuwagwira dzanja. Anakana m'Chisena chawo, anati, "Nkhabe, mwachedwa," n'kukhala pansi.

Chaka chimenecho chitsime chinatchingidwa bwino kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo tinamwa mpaka mvula. Chaka chotsatira anabwera ambiri ndithu kudzakumba. Chinacho, ochepa. Kenako kunabwera mkamwini wina wa mtima wabwino, ndipo ndinaona anthu akumupatsa moni wautali uja.

Tsopano kuno kuli mjigo. Ukathyoka mpini, anthu amaima mouzungulira n'kumafunsana kuti kodi wokonza abwera liti. Ine ndimawayang'ana nkhope, ndimadziwa agogo awo. Ndakalamba, mtsuko sindingathe kusenza, ndiye ndimamwa madzi otunga ena. Ndimawanunkhiza kaye.

Inu amene mukuwerenga izi, adzukulu ndi a pamudzi, ndikukudziwani. Mukaona chitseko changa chili chotseka dzuwa litakwera, aliyense adzati mnzake wapitako kale. Musatumizane. Bwerani nokha, mugogode, ndipo mutchule dzina lanu muli panja, chifukwa munsi uja ukadali kuseri kwa chitseko.