Magalasi a Akamwini

A Dailesi anayamba kusoka pakhonde la sitolo pa Lirangwe matipate atangobwera kumene. Mayunifomu a sukulu, mabulauzi oyera a amayi a Mvano, zonse zinkadutsa pamakina awo, msoko wake wowongoka ngati wojambula ndi rula. Kenaka maso anayamba kuwakana. Kuchipatala atawayeza anawauza kuti maso awo ndi osiyana, lakumanja ndi lofooka kwambiri, choncho galasi lililonse lipangidwe molingana ndi diso lake.

A Thomson, mwamuna wa mwana wawo Tawina, mlonda wa pabwalo la ndege ku Chileka, anati zimenezo awasiyire iwo. Anabwera nawo magalasiwo Lamulungu, m'kabokosi kophathima, anthu akuona. Mayiwo anathokoza mpaka pakamwa kuuma. Mphatso ya mkamwini ndani amaitembenuza kuti aone kunsi kwake?

Mutu unayamba kuwawa tsiku lomwelo. Singano inkaoneka mbuu, misoko n'kumalowera komwe yafuna. Aliyense amene anamudandaulira ankangoti, "Maso azolowera." Iwo anapirira, makasitomala akuthawa mmodzimmodzi. Utoto wagolide unasupuka n'kumawasiyira zobiriwira pamphuno, mwendo umodzi wa magalasiwo unayamba kugwedera, koma maso osazolowera.

A Magret, mayi wa Mvano amene wavala magalasi kuyambira utsikana wake, pobweza bulauzi yopotoka kolala anati, "Tabweretsani magalasi anuwo." Anawagwira chapatali pamwamba pa nsalu ya mizeremizere n'kumawayendetsa pang'onopang'ono uku ndi uku. Mizere inkapindika ngati ili m'madzi. Atayesa awo, mizere inasuntha koma ili chiwongokere.

"Galasi labwino silivinitsa mzere," anatero a Magret. "Ndiye taonani, mbali zonse zikukuza mofanana. Si paja munati maso anu ndi osiyana? Nambala imodzi yadindidwa pamwendoyi ndi ya magalasi a pamsika, oti munthu amangotola pamulu."

Mtima unawapweteka a Dailesi kuposa mutu uja. Kumukalipira mkamwini sakanatha, choncho anakwera minibasi wa ku Chileka kukalankhula ndi mwana wawo kuseri kwa nyumba. Ankati Tawina adzidzimuka. Iye anangoyang'ana pansi.

"Ndikudziwa, amayi. Ndinali pomwepo pogula. Anati maso a nkhalamba sasankha."

"Ndiye iwe unangondiyang'ana ndikupotoza zovala za anthu?"

"Ndikanatani? Mukayankhula, ine banja latha. Chonde, akamabwera muzivala."

Amayi a Mvano tsopano amasoketsa kwa telala wina kuseri kwa msika. A Dailesi anatsala ndi zigamba ndi mazipi, ntchito yoti manja amaidziwa okha. Magalasi amakhala m'kabokosi kake. Akamva kabaza waima panja ndi mawu a akamwini, amawavala, n'kutuluka akupapasa chitseko.