Wotchi ya Nthawi Ziwiri

Mlongo wanga anapita ku Mangalande kukaphunzira unamwino mothandizidwa ndi a mishoni, ndipo atamaliza anapeza ntchito komweko. Ine ndinali kalaliki pa sitolo ina ya zitsulo pa boma la Mangochi. Amayi ankakhala kumudzi, kutsidya kwa Shire chaku Malindi. Makalata ndinkachita kuwawerengera, koma iwo ankati amene akumva ndi mawu anga, osati a mwana wawo. Choncho tinagwirizana kuti pakapita miyezi iwiri tiziimba foni ku positi ofesi, Loweruka loyamba la mwezi.

Kumene mlongo wanga ankagona kunali foni imodzi ya anamwino onse, pakhonde. Iye ankaima pomwepo kuyambira 9 koloko m'mawa, nthawi ya kumeneko. Ulendo woyamba ndinasokoneza, tinaimba atachokapo. Ndiye anatitumizira wotchi kudzera mwa wansembe wina amene ankabwerera kuchokera kutchuthi.

Wotchiyo inali ndi muvi wina wapadera, wofiira, umene unkazungulira kamodzi kokha pa tsiku. Kunja kwa galasi kunali mkombero wa manambala mpaka 24, wotheka kuupotoza ndi chala. Mivi inayo inkanena nthawi ya kuno. Wofiirawo unkaloza pa mkombero nthawi ya kwa mlongo wanga. Wansembeyo anandionetsa kapotozedwe kake kuti nthawi ya uko izitsalira maola awiri. Anandiuzanso kuti chakumapeto kwa Malichi azungu amakankhira mawotchi awo kutsogolo ndi ola limodzi mpaka Okutobala, ndipo miyezi imeneyo kusiyana kumakhala ola limodzi basi.

Masiku amenewo munthu wokhala ndi m'bale kunja ankayenda mosamala, makamaka ife a kum'mawa kwa nyanja. Ambiri akwathu anathawira ku Tanzania pa nthawi ya chipwirikiti cha ndale, ndipo mayina awo sitinkatchula ngakhale m'nyumba. Ndinkavala malaya a manja aatali kuti wotchiyo isaoneke.

Amene anaiona wotchiyo anali mlembi wa nthambi ya chipani m'dera lathu, bambo wogula usipa kwa asodzi n'kumakagulitsa ku Limbe. Tinkapemphera tchalitchi chimodzi. Loweruka lililonse limene tinkaimba foni, iwonso ankapezeka ali ndi chochita ku positi ofesi, ngakhale sindinawaonepo akugula sitampa.

“Akalaliki, wotchi yanuyi ili ndi akazi awiri,” anatero tsiku lina mu Febuluwale, atandigwira pamkono. “Wamkulu ndi uti?”

Ndinawafotokozera zonse za muvi wofiira. Anawerenga okha: kuno 11, uko 9. Anagwedeza mutu n'kundisiya.

Mu Epulo ndinapotoza mkombero monga anandiuzira wansembe, ndipo tinafika ku positi ofesi molawirira. Alembi aja tinawapeza atakhala kale pa benchi. Anawapatsa moni amayi mwaulemu wonse, kenaka anandikweza mkono wa malaya osapempha.

“Paja munati maola awiri.”

“Inde, koma pano ndi limodzi. Kumeneko amasintha mawotchi.”

“Amasintha? Dzuwa la kumeneko limapita kutchuthi?” Anaseka, ndipo anthu a pa benchipo anasekanso chifukwa iwo anaseka. “Ine ndayenda, achimwene. Dziko losiyana ndi lathu ola limodzi ndimalidziwa. Lili kumpoto uku.”

Ndinawauza kuti Tanzania ali patsogolo pathu, pomwe muviwu ukuloza kumbuyo: kuno 10, pa mkombero 9, osati 11.

“Ola ndi ola,” anatero. Anaika chala pa mkomberowo n'kuupotoza mbali inayo mpaka muvi unaloza 11. “Mwaona? Sukana. Mukafika kunyumba umaloza kuti, adziwa ndani?”

Pamenepo sananame. Mkomberowo unkapita mbali zonse.

Tsiku limenelo amayi analankhula ndi mwana wawo, koma ankangoyang'ana kumbuyo. Sabata yotsatira mwini sitolo anandifunsa ngati ndinali ndi mlandu ndi wina aliyense, chifukwa kunabwera anthu kudzafunsa za ine. Ndinayamba kukumbukira onse amene anaigwirapo wotchiyo: mnzanga wa pa kauntala, mlamu wanga, ngakhale wansembe uja. Mkazi wanga anati ndiiponye mu Shire. Ndinakana. Wotchi yosowa mwadzidzidzi ikanandineneza kuposa wotchi yovala.

Mu Juni alembi anabwera okha ku sitolo.

“Nkhaniyi tiyithetse mwachibale, isanapite kwa akuluakulu. Loweruka ndidzalankhula naye ndekha namwino wanuyo. Funso limodzi basi.”

Foni yakunja tinkalembetsa kukadali m'mawa n'kumadikira kuti atilumikize kudzera ku Blantyre. Tinkalembetsa mphindi zitatu. Amayi anali atadzuka mbandakucha, atavala chilundu chawo cha kutchalitchi ngati kuti mwanayo awaona. M'njira ankabwereza zimene adzanene: za mdzukulu wobadwa kumene, za bwato la amalume limene linang'ambika, za miyendo yawo. Sindinawauze za alembi mpaka tili pa mlatho.

Atatiitana, tinalowa atatu m'kachipinda ka munthu mmodzi. Ndinamva mawu a mlongo wanga patali, ngati ali pansi pa madzi. Ndinati, “Pali bambo wina wa kutchalitchi akufuna kukupatsa moni,” ndipo alembi anali atalanda kale foni.

“Alo! Alo! Muli bwanji kumeneko, chemwali? Kodi panopa ndi nthawi yanji?”

Anamvetsera, maso ali pa mkono wanga. Muvi wofiira unali utangodutsa pa 9. Ndinaona pankhope pawo kuti yankho linagwirizana. Ndinatambasula dzanja, koma foni sanabweze.

“Nanga muli mzinda wanji? Mumakhala ndi ndani? A kwathu kuno amene mumaonana nawo ndi ati? Alo? Ndikuti a kwathu kuno!”

Amayi anawakoka jekete. “Bambo inu, mwana ndi wanga. Mwati funso limodzi.”

“Dikirani, amayi, ndikukuthandizani.”

Pamene ankawapatsa foni, mayi wolumikiza anali akunena kuti nthawi yatha. Amayi anafuula kuti, “Mwanawe!” Ndinatenga foni n'kupempha kuti atiwonjezere, ndipo anavomera. Koma mlongo wanga anali atasintha mawu. Anandifunsa m'Chingerezi ngati tonse tili bwino. Kenaka anati, “Musadzaimbenso. Ndizilemba.” Anadula yekha.

Panja alembi anandigwira chanza.

“Nthawi yake yagwirizana,” anatero. “Koma mwina munapanganiranatu. Inu ophunzira.” Anati pakadali pano sakanena kwina kulikonse, ndipo anandikumbutsa kuti khadi la chipani la amayi la chaka chino sanalione.

Ndinawaperekeza amayi kokwerera matola. Anakhala pa mtolo wa nsungwi n'kundiuza kuti ndiwauze bwinobwino zimene mwana wawo wanena. Ndinawauza.

“M'Chingerezi? Kwa iwe?”

“Amaopa kuti pali wina akumvetsera.”

“Nanga mawu ake anali bwanji? Sakutsokomola?”

Ndinati sakutsokomola. Anafunsa kuti panopa kumeneko ndi nthawi yanji, ndipo ndinayang'ana pamkono n'kuwauza. Anati ndiye kuti mwanayo sanadye kanthu chidzukireni, anali pafoni kudikira ife. Galimoto itafika ndinawakwezera dengu.

Mu Ogasiti ndinalemberanso mlongo wanga kuti zinthu zakhala bata, tiyeserenso. Anayankha za nyengo ndi za ntchito, za foni osatchula. Amayi anakhala zaka zina zingapo, koma mawu a mwana wawo sanawamvenso.